Mindandanda Iwiri Si Yankho: Za Kusankha Mowerengera ndi Mamangidwe a Mtundu pa Mayeso

Pa mayeso a ziphunzitso za kakhalidwe ka anthu pali funso limodzi limene limabwera kawirikawiri, ngakhale mau ace amasinthasintha. Wophunzira amauzidwa kuti afotokoze ciphunzitso ca kusankha mowerengera pamodzi ndi mau a anthu ocitsutsa, kenaka aciyerekeze ndi mafotokozedwe otsamira pa mamangidwe a mtundu. Mayankho ambiri amene ndawawerenga ali ndi maonekedwe amodzi. Wolemba amagawa pepala lace pawiri. Mbali yina amalemba kuti munthu ali ndi ufulu ndipo amasankha yekha, mbali yina amalemba kuti munthu ali womangidwa ndi umphawi ndi miyambo. Ndipo pomariza amanena kuti mbali zonse ziwiri ziri ndi zoona zace. Yankho lotere liribe bodza, koma malikisi ace amacepa, ndipo kucepako nkoyenera, cifukwa wolembayo wandandalika cabe, sanayerekeze kanthu. Ndifuna kusonyeza m'nkhani yino kuti kuyerekeza kweni kweni kumayamba pamene titenga cinthu cimodzi cocitika, ndi kufunsa ziphunzitso zonse ziwiri kuti zicifotokoze. Cinthu cimene ndasankha ndico cimene inu mudzakomana naco caka ndi caka m'sukulu zanu: mwana wokhoza bwino amene asiya sukulu panjira.

Tiyambe ndi kuongola mau, pakuti apa ndipo ambiri amaphunthwa. Ciphunzitso ca kusankha mowerengera sicinena kuti munthu ali wanzeru, kapena kuti amasankha bwino, kapena kuti ali waufulu. Cimanena zinthu zitatu zokha: kuti munthu ali ndi zimene amazifuna, ndipo amadziwa cimene acifuna koposa cinzace; kuti ali ndi zimene amakhulupirira za zotsatira za njira iri yonse; ndi kuti mwa njira zimene zamtsegukira amatenga imene, monga mwa kukhulupirira kwace, idzampatsa zocuruka pa mtengo wocepa. Mbali yinayo, mau akuti mamangidwe tawabwereka ku nyumba. Nsici, mitanda ndi phaso ndizo zimalamula pamene khomo lidzakhala, ndipo wolowa m'nyumbamo amalowera pa khomo limene analipeza. Momwemonso kagawidwe ka minda ndi cuma, malamulo a sukulu, cinenero ca mayeso ndi udindo wa mwamuna ndi wa mkazi, zonsezi munthu amazipeza ziri ciriri pobadwa iye. Otsamira pa mamangidwe amati ukadziwa zimenezi wadziwa kale ciwerengero ca ana amene adzasiya sukulu, ngakhale usanafunse mwana ndi mmodzi yemwe.

Mkangano umenewu, pa nkhani ya sukulu, unakula m'dziko la Faransa. M'caka ca 1964, ndiponso m'caka ca 1970, Pierre Bourdieu ndi Jean-Claude Passeron anaturutsa mabuku onena kuti sukulu imapatsa mphotho zinthu zimene siinaziphunzitse: kalankhulidwe, kazolowera ka mabuku, ndi kusaopa aphunzitsi, zimene mwana wa m'banja lophunzira amayamwira kwao. M'caka ca 1973 Raymond Boudon anaturutsa buku lace lofotokoza kusiyana komweko mwa njira yina. Iye anagawa cinthuci pawiri. Kusiyana koyamba ndiko kwa kukhoza: mwana wa wosauka kawirikawiri amapeza malikisi ocepa. Kusiyana kwaciwiri ndiko kwa kusankha: ngakhale ana awiri apeze malikisi ofanana, wa wosauka ndiye amasiya msanga. Boudon sanakane kusiyana koyambako. Anangoti kwaciwiriko nkumene kumalemera koposa, ndipo kuti tingathe kukufotokoza popanda kunena kuti osauka sakonda maphunziro.

Ndi bwino kuti tiyende ndi maganizo ace pang'ono pang'ono, ndi ziwerengero. Ziwerengero zotsatirazi ndazipeka ine kuti zikhale citsanzo ca masamu. Musazilembe pa mayeso ngati zocokera m'buku. Tiyese kuti pali mabanja awiri, ndipo liri lonse liri ndi mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale ndi malikisi amodzimodzi. Tiyese kuti zobvala, mabuku, ulendo ndi nchito ya kumunda imene mwanayo akadagwira, zonse pamodzi zikwana matumba 6 a cimanga pa caka. Pa zaka zinai ndiwo matumba 24. Tiyesenso kuti mwanayo akakhoza ndi kupeza nchito, thandizo limene adzabwezera kwao pa zaka zambiri lidzakwana matumba 80, ndipo kuti makolo onse awiri aganiza kuti mwai wakuti zimenezi zitheke uli 5 mwa 10. Phindu loyembekezeka ndilo theka la 80, ndiwo matumba 40. Banja loyamba liri ndi nkhokwe yodzala. Matumba 24 litapa m'nkhokwemo. Popeza 40 aposa 24, mwana apita. Banja laciwiri nkhokwe yace imatha mvula isanagwe, ndipo matumba 6 a caka ciri conse liyenera kuwakongola mwa katapira, kubweza awiri pa limodzi. Kwa iwo mtengo si 24 koma 48. Ndipo popeza 40 acepera 48, mwana akhala.

Taonani cimene caturuka apa. Ana ali ofanana nzeru, makolo ali ofanana pa kukonda sukulu, kaganizidwe kao nkamodzi; koma banja loyamba litumiza mwana ngakhale mwai wace utangopitirira 3 mwa 10, pamene laciwiri liyembekeza kufikira mwai upitirire 6 mwa 10. Ndiye kuti mwana wa wosauka ayenera kuoneka wokhoza kawiri kuposa mnzace kuti aloledwe kupitirira. Boudon anaonjeza cina cimene sicilowa m'matumba: mwana wa kalaliki akalekera pa Sitandade 8 watsika pansi pa atate wace, ndipo banja liyesa zonse kuti manyazi amenewo asagwe, mwana wa mlimi amene sanaone sukulu akalekera pomwepo sanatsike konse, wakwera. Richard Breen ndi John Goldthorpe anaika ganizo limeneli m'masamu m'caka ca 1997.

Cinthu caciwiri cimene Boudon anaona ndico cakuti mphambano siiri imodzi. Njira ya sukulu iri ndi mphambano zingapo, ndipo pa iri yonse funso limabweranso. Tiyese kuti pa mphambano iri yonse ana 9 mwa 10 a mabanja opeza amapitirira, ndi ana 7 mwa 10 a mabanja osauka. Kusiyanaku kuoneka kocepa. Koma yambani ndi ana 100 mbali iri yonse. A mabanja opeza atsala 90, kenaka 81, kenaka 73, ndipo pa mphambano yacinai atsala ngati 66. A mabanja osauka atsala 70, kenaka 49, kenaka 34, ndipo potsiriza 24. Kusiyana kumene kunali kwa 9 ndi 7 kwasanduka kwa pafupifupi atatu pa mmodzi, popanda mphunzitsi wokondera kapena kholo lodana ndi sukulu. Wophunzira amene angathe kulemba masamu ocepawa pa mayeso wasonyeza kuti wamvetsa mphamvu ya ciphunzitsoci koposa mnzace amene wadzaza masamba atatu ndi mau akuti ufulu.

Tsopano tifike kwa otsutsa. Colakwa cacikuru ca mayankho ambiri ndico kuyesa kuti ali yense wotsutsa kusankha mowerengera ali wa mbali ya mamangidwe. Si momwemo ai. Funso lomwe limachula magulu atatu, ndipo otsutsa ochuka koposa anali a m'nyumba momwemo, anthu amene anabvomereza kuti kufotokoza kuyenera kuyambira pa munthu mmodzi, koma anakana cithunzi ca munthuyo.

Woyamba ndiye Herbert Simon, amene analemba za nkhaniyi m'zaka za 1955 ndi 1956, nalandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1978. Iye anati munthu alibe nthawi, cidziwitso kapena mutu wokwana kuyesa njira zonse. Amafunafuna kufikira apeze njira imene iri yokwanira, ndipo alekera pomwepo. Bwererani ku citsanzo cathu. Ziwerengero ziwiri, 80 ndi 5 mwa 10, tinazipatsa makolo aja ngati kuti anaziwerenga pa khoma. Kodi anazitenga kuti? Palibe kholo limene liri ndi buku la malipiro a dziko lonse. Limayang'ana ana a m'mudzi momwemo amene anapita ku sekondale, atatu kapena anai. Ndipo apa pali msampha: amene anakhoza napeza nchito anacoka, ali ku tauni, saoneka, amene analephera ndiwo ali pa mudzi, aoneka tsiku ndi tsiku. Kholo lowerengera mosamala ndithu, powerengera zimene maso ace aona, lidzacepetsa phindu la sukulu. Mau a Simon sagwetsa nyumba yonse, koma asuntha funso: tisanafunse umo munthu amasankhira, tifunse kumene kukhulupirira kwace kwacokera.

Waciwiri ndiye Amartya Sen, m'nkhani yace ya 1977. Iye anasiyanitsa cifundo ndi kudzipereka. Ukathandiza mnzako cifukwa kusauka kwace kukuwawa iwe mumtima, ukudzithandizanso wekha, ndipo ciphunzitso ca kuwerengera cingathe kulandira zimenezo. Koma ukacita cinthu cifukwa uciyesa udindo wako, ngakhale udziwa kuti udzataya, pamenepo cimene wasankha ndi cimene cikupindulitsa zapatukana. Mtsikana wamkuru amene asiya sukulu kuti alere abale ace amai atamwalira, sanayese matumba ai. Ndiponso malume amene alipirira mwana wa mlongo wace, podziwa bwino kuti mwanayo ali wofooka m'kalasi, acita cifukwa ali mwini mbumba, ndipo akadakhala wowerengera cabe akadasunga ndalama zace.

Pano ndipo pabadwa citsutso cacitatu, cimene ndiciyesa ine colemera koposa zonse, ngakhale ophunzira amacipatsa mzere umodzi wokha. Woteteza ciphunzitsoci angathe kuyankha kuti mtsikana uja anawerengera ndithu: mtendere wa mumtima ndi ulemu wa pa mudzi zinamlemerera koposa sukulu. Yankholi limveka lakuthwa, koma taganizani cimene lacita. Mtsikana akasiya, titi anawerengera. Akapitirira, titinso anawerengera. Ciphunzitso cimene cibvomereza zoturuka zonse ziwiri sicinatiuze kanthu, ciri ngati wolosera amene anena kuti mvula idzagwa kapena siidzagwa. Donald Green ndi Ian Shapiro anadzudzula khalidwe limeneli m'buku lao la 1994, makamaka pa nkhani ya kuponya voti. Pa cisankho ca dziko lonse mwai wakuti voti ya munthu mmodzi isinthe zotsatira uli wocepetsetsa, pamene kuyenda ndi kuima pa mzere ziri ndi mtengo. Wowerengera weni weni akadakhala kunyumba. Koma anthu miyandamiyanda amapita. Oteteza ena anaonjeza m'masamu mwao kukoma kwa kucita udindo, ndipo masamu anaturuka bwino. Koma anaturuka bwino cifukwa yankho linalowetsedwa m'funso. Lamulo lace ndi ili: ciphunzitsoci ciri ndi mano pokha pokha ngati zofuna za munthu zachulidwa poyamba, tisanaone cimene iye wacita. Citsanzo ca matumba cija ciri ndi mano, cifukwa cinena poyera kuti mtengo wa ngongole ukatsika mwana adzapita, ndipo zimenezo zingathe kupezeka zabodza.

Kodi a mamangidwe anena ciani pa mabanja athu awiri aja? Anena ziwiri, ndipo sizilemera mofanana. Coyamba, afunsa kuti: anaika 24 kwa uyu ndi 48 kwa uyo ndani? Masamu onse aja anayenda bwino cifukwa banja lina liri ndi munda waukuru ndipo lina liribe. Kusankha kunangomariza nchito imene kagawidwe ka minda kanayamba. Mau amenewa ngoona, koma sagonjetsa Boudon, pakuti iye sanabise kuti malo a munthu m'mtundu ndiwo amaika mitengo. Jon Elster anakonza mfundoyi bwino ponena kuti cocita ca munthu cimadutsa m'zosefera ziwiri: coyamba cicotsa njira zosatheka, caciwiri cisankha mwa zotsalazo. Pamene cosefera coyamba casiya njira imodzi yokha, kukamba za kusankha nkungotaya inki. Banja limene palibe angalikongoze konse siliwerengera 40 ndi 48. Khomo latsekeka basi. Koma pamene njira zatsala ziwiri kapena zitatu, mamangidwe paokha satiuza imene idzatengedwa.

Cinthu caciwiri ndico ca Bourdieu, ndipo cimeneci ciluma mozama. Iye anati mamangidwe sakhala kunja kokha ngati mpanda, amalowa m'kati mwa munthu nasanduka zizolowezi, zokonda ndi ziyembekezo. Mwana amene wakulira pakati pa anthu amene sanafike ku sekondale sakhala pansi kuyesa njira ziwiri ai. Njira yinayo siimfikira m'mutu ngati yace. Adziwa kuti sukulu zotere ziripo, monga adziwa kuti ndege ziripo, koma aziyesa za anthu ena. Ngati ziri conco, zofuna ndi zokhulupirira zimene ciphunzitso ca kuwerengera cimazitenga ngati poyambira ndizo zimene ziyenera kufotokozedwa. Elster yemweyo, ngakhale sanali wa gulu la Bourdieu, analemba buku m'caka ca 1983 za munthu amene aleka kufuna cinthu cifukwa waona kuti sangacipeze, potengera nthano ya ku Ulaya ya nkhandwe imene inanyoza mphesa zimene inalephera kuzifikira. Ndiponso Bourdieu abweza maso athu pa kusiyana koyamba kuja kumene Boudon anakudutsa msanga. Ife tinayamba citsanzo ndi ana awiri a malikisi ofanana. Koma ana angati a mabanja osauka anafika pofanana pamenepo? Kwathu kuno mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Cingerezi, kupatula phunziro la Cicewa, ndipo mwana amene amamva Cingerezi kunyumba wayamba liwiro ali patsogolo.

Koma mamangidwe naonso ali ndi bala lao, ndipo yankho losalichula liri lopendekeka. Ciphunzitso cimene cinapangidwa kufotokoza cifukwa cace zinthu sizisintha cimabvutika pamene zinthu zasintha msanga. M'caka ca 1994 boma la Malawi linathetsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ciwerengero ca ana olembetsa cinakwera kucoka pa pafupifupi 1,900,000 kufika pa pafupifupi 3,000,000 m'caka cimodzi. Zizolowezi zimene munthu amayamwira sizisungunuka m'miyezi yowerengeka; cimene cinasintha ndi mtengo, ndipo makolo anayankha monga momwe wowerengera akadalosera. Ici ncigonjetso ca mbali ya Boudon. Komabe nkhani siinathere pomwepo, pakuti ambiri a ana amenewo sanafike ku Sitandade 8. Makalasi anadzala kosaneneka, ndipo aphunzitsi zikwi zambiri analembedwa nchito asanaphunzire za uphunzitsi. Apa mbali zonse ziwiri ziri ndi ponena. Wowerengera ati phindu la kukhala m'kalasi la ana oposa 100 linacepa, ndipo mitengo yina inatsala. Wa mamangidwe ati khomo linatseguka koma nyumba inali yomweyo. Pamene ziphunzitso ziwiri zilosera cinthu cimodzi, cinthuco sicingatiweruzire mlandu, ndipo wolemba mayeso ayenera kunena poyera kuti kulowa kwa ana kunaweruza, koma kusiya kwao sikunaweruze.

Cifukwa cace tifunefune pamene zolosera zipatukana. Pali kafukufuku mmodzi amene ndimamkonda pa cifukwa cimeneci, wa Robert Jensen, amene anacitika m'dziko la Dominican Republic ku nyanja ya Caribbean, nasindikizidwa m'caka ca 2010. Jensen anafunsa anyamata a m'kalasi lacisanu ndi citatu kuti aganiza kuti munthu womariza sekondale amalandira zingati poyerekeza ndi wolekera ku pulaimale. Anapeza kuti anyamatawo anali kucepetsa kwambiri kusiyanako. Pamenepo, m'sukulu zina zosankhidwa mwa maere, anyamata anauzidwa malipiro eni eni. M'sukulu zinazo sanauzidwe. Palibe ndalama imene inaperekedwa, palibe lamulo limene linasintha. Anapatsidwa mau okha.

Musanawerenge zoturuka, imani ndi kufunsa ciphunzitso ciri conse. Ciphunzitso ca kuwerengera m'maonekedwe ace ouma, cimene ciyesa kuti munthu adziwa kale zonse zofunika, cikadati palibe cidzasintha, pakuti anyamatawo sakadakhala olakwitsa poyamba pomwe. Simon akadati adzasintha, popeza kukhulupirira kwao kunamangidwa pa zocepa zimene anaziona. Bourdieu akadati kusintha kudzakhala kocepa, pakuti ciyembekezo cimene cinakula ndi munthu zaka khumi ndi zinai sicicoka ndi ciwerengero congomva tsiku limodzi. Ndipo wa zosefera ziwiri akadati adzasintha okhawo amene khomo lao liri lotseguka. Zoturuka zinali izi: pa zaka zinai zotsatira, anyamata ouzidwa anakhala pa sukulu nthawi yoonjezera, yoyambira pa gawo limodzi mwa magawo asanu a caka kufikira ngati gawo limodzi mwa magawo atatu, powerengera onse pamodzi, koma kusinthako kunali kwa anyamata a mabanja opezako bwino, ndipo kwa osaukitsitsa kunali kocepa kapena kosaoneka, ngakhale iwonso anasintha maganizo ao pa za malipiro.

Taonani umo kafukufuku mmodzi wagawira milandu. Ciphunzitso couma cija cagwa pa ciyambi, pakuti anyamata anali osadziwa. Simon waima. Kuwerengera kofatsa kwaimanso, popeza kukhulupirira kutasintha macitidwe anatsata. Mau a Bourdieu alandira bala, cifukwa mau ocepa anasuntha ena. Ndipo kwa osaukitsitsa, popeza maganizo ao anasintha koma mapazi sanasunthe, cowaletsa cioneka kuti cinali m'nkhokwe koposa m'mutu. Cimeneco ncigonjetso ca mamangidwe, koma mamangidwe a mtundu woyamba uja, a mpanda wa kunja. Apa ndipo muona kuti mau amodzi akuti mamangidwe abisa zinthu ziwiri zosiyana, ndipo umboni ungathe kukweza cina ndi kutsitsa cinzace. Cenjerani pokha kuti musakoke kafukufukuyu kupyola msinkhu wace: anali wa anyamata okha, m'dziko limodzi, ndipo anali a anyamata amene anafika kale kalasi lacisanu ndi citatu, ndiye kuti amene sukulu inawasefa m'makalasi a m'munsi sanawerengedwe. Wotsata Bourdieu ali ndi ufulu wonena kuti nchito imene iye amakamba inacitika kale Jensen asanafike.

Wina angafunse kuti ine ndaima pati, pakuti woyesa mayeso amafuna kuti wolemba aweruze. Ndiyesa kuti pa funso la mwana wa malikisi abwino amene wasiya, njira ya Boudon ndiyo yoyamba kuyesa, malinga ticotse ganizo lakuti makolo adziwa zonse. Ndipo ndiiyamikira makamaka pa cifukwa cimodzi, cakuti imatikakamiza kuyesa kholo losauka munthu woganiza. Mau akuti anthu a kuno sakonda sukulu amaturuka msanga m'kamwa mwa mphunzitsi wotopa, ndipo amamveka ngati ofotokoza, koma kawirikawiri amangopatsa bvuto dzina latsopano. Koma pa funso lakuti cifukwa ninji ana a mabanja ena amafika pa mayeso ali ofooka kale, kuwerengera kulibe zambiri zonena, pakuti mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi sanasankhe cinenero ca kwao. Pamenepo Bourdieu ndiye ali ndi mau. Ndipo pa mtsikana uja wolera abale ace, ndikana kumkankhira m'masamu. Sen ndiye wamuona bwino.

Za kalembedwe ka yankho ndinena pang'ono pokha. Maina ndi zaka zithandiza, koma dzina lopanda mfundo yace liri ngati khasu lopanda mpini. Kuli bwino kuchula anthu anai ndi kusonyeza cimene ali yense akadanena za mwana mmodzi yemweyo, koposa kuchula khumi ndi awiri motsatizana. Ndime yoyamba inene zinthu zitatu zija zimene ciphunzitso cimanena, ndi cinthu cocitika cimene mwasankha. Otsutsa a m'kati muwapatule kwa a mamangidwe, ndipo woyesa aone kuti mwawapatula dala. Nthawi yocuruka muisungire ndime ya zolosera zopatukana, cifukwa m'menemo ndimo muli kuyerekeza kumene funso lapempha. Ngati funso lapatsidwa mphindi 45, ndime imeneyo yokha iyenera mphindi 15, ndipo masamu a ana 100 aja alembeka m'mizere inai.